Golosale ya pa pepala, mwini wake weniweni, ndi mtengo wa mango umene unasowa

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ku Lilongwe kuno ndi yokonza makadi a ukwati, mapositala a maliro ndi zikwangwani za mashopu. Sindijambula mapulani a nyumba, ndipo sindinamangepo ngakhale khola la nkhuku. Koma masiku ano kukubwera ntchito ina imene ambiri a ife tikuilandira tisanaiphunzire bwino: munthu amabwera ndi pepala limene mmisiri wamujambulirapo nyumba kapena sitolo, nkunena kuti akufuna adzione ataima kutsogolo kwake pa malo ake enieniwo. Nkhani iyi ndi ya ntchito imodzi yotero, imene poyamba ndinaiphonya, ndipo amene anandigwira ndi mmisiri amene sanakhudzepo kompyuta.

Amene anabweretsa ntchito

Anali mayi wa zaka za m'ma 50, wogulitsa nyemba, mbatatesi ndi zina pa msika wina m'boma la Dedza. Anali atagula kapuloti pafupi ndi msewu wafumbi wolowera kumsikako, ndipo ankafuna kumangapo golosale ya chipinda chimodzi chogulitsiramo ndi kachipinda kosungiramo katundu kumbuyo. Ndalama zinali zochokera kuwiri: zimene amaponya ku banki mkhonde, ndi zimene mwana wawo wamwamuna amatumiza kuchokera ku Joni. Mwanayo ndiye ankavuta. Anali atatumizapo ndalama zomangira nyumba ya wachibale wina zimene zinathera kwina, ndiye ankati asanatumizenso kalikonse akufuna aone chimene chikumangidwa.

Mayiwo anandipatsa zinthu ziwiri. Choyamba, tsamba la m'kope la mizere ya buluu, limene amisiri awo anajambulapo kutsogolo kwa golosale ndi pensulo: chitseko pakati, mawindo awiri, khonde la mizati itatu, ndi dzina la golosale pamwamba pa chitseko. M'munsi analemba kuti mamita 6. Chachiwiri, chithunzi cha pa WhatsApp chimene mdzukulu wawo anawajambula ataima pa puloti, masitepe angapo kutsogolo kwa zikhomo zimene amisiri anakhoma. Kumanzere kunali mtengo wa mango, kumanja chipupa cha chigayo cha aneba.

Chithunzi choyamba

Ndinaitenga ngati ntchito ya ola limodzi. Ndinajambula pepalalo ndi foni, nkulitsegula mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP pamodzi ndi chithunzi cha puloti, nkuika chojambulacho kumbuyo kwa mayiwo. Pofuna kudziwa kukula kwake ndinaganiza motere: chitseko chimakhala mamita 2.1, mayiwa ndi a mita imodzi ndi masentimita 58, ndiye chitseko chiyenera kuwaposa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wawo. Ndinakoka chojambulacho mpaka chitseko chinawaposa choncho, ndinapaka makoma utoto, nkutumiza. Ndinadziona ngati ndasamala kwambiri, poti ndinachita kuwerengera.

Mayiwo anakondwa kwabasi. Golosale inaoneka yaikulu ngati sitolo ya m'tauni, ndipo usiku womwewo chithunzi chinalowa mu gulupu ya banja lawo.

M'mawa mwake anandiimbira foni ali ndi amisiri aja, ndipo anawapatsa foni kuti alankhule okha. Bamboyo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Achimwene, mtengo wa mango uja mwaudula ndinu? Ine ndinasiya mpata woti ngolo idutse pakati pa mtengo ndi chipupa, koma pa chithunzi chanu nyumba yameza mtengo. Imeneyo si nyumba imene ndinawawerengera mabuloko mayiwa."

Ndinatsegulanso chithunzi. Zoonadi, chipupa chinali chitaphimba thunthu lonse la mango, masamba okha akuonekera pamwamba pa denga. Kuchoka pa mtengo kufika pa chigayo ndi mamita 7 ndi theka. Nyumba ya mamita 6 singatseke mpata wonsewo nkumezanso mtengo. Nditawerengera pambuyo pake ndinapeza kuti golosale yanga inali ya mamita pafupifupi 8 ndi theka.

Cholakwa chinali chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ambiri amachichita. Ndinayerekeza msinkhu wa mayiwo ndi chitseko ngati kuti atsamira chitsekocho, pamene iwo anaima mamita atatu kutsogolo kwake. Chinthu chimene chili pafupi ndi kamera chimaoneka chachikulu, izi aliyense amadziwa, koma tikakhala pa kompyuta timaiwala chifukwa zonse zili pa galasi limodzi lafulati. Pokulitsa chitseko kuti chipose munthu amene ali pafupi, ndinakulitsa nyumba yonse. Ndipo diso la kasitomala silikana bodza lotere, chifukwa ndi bodza lomukomera.

Kupita pa malo

Ndinawauza mayiwo kuti ndiyambiranso, ndipo ulendo wa ku Dedza ndilipira ndekha. Iwo anapempha kuti, poti tikuyambiranso, ndigwiritse ntchito chithunzi chawo cha pa ukwati wa mphwawo, chimene anavala chilundu chokongola. Ndinakana. Wojambula chithunzi chimenecho anachita kugwada, ndiye mayiwo amaoneka kuchokera m'munsi, chibwano ndi kunsi kwa mphuno zikuonekera, ndiponso kuwala kunali kwa m'holo. Munthu wojambulidwa chogwada ukamuika pa malo ojambulidwa choimirira amaoneka ngati akugwa chagada, ndipo palibe batani limene limakonza zimenezo. Ndinati avale chilundu chomwecho tikawajambule pa puloti pawo. Munthu, nthaka ndi dzuwa zikachokera mu chithunzi chimodzi, theka la ntchito latha kale.

Tinakumana Loweruka lina mu Juni, cha m'ma 2 koloko masana. Amisiri anabwera ndi tepi, chingwe, nsungwi zinayi ndi paipi yawo yoonekera mkati imene amaikamo madzi poyeza levulo. Nsungwi ziwiri tinazizika pa ngodya ziwiri za chipupa cha kutsogolo, motalikirana mamita 6. Zina ziwiri tinazizika pamene padzathere khonde, mita imodzi ndi masentimita 80 kutsogolo kwa chipupa. Foni ndinaimangirira pa thirayipodi moyang'anana ndi pakati penipeni pa chitseko, pa mtunda wochepera pang'ono mamita 11 kuchokera pa chipupa, diso la kamera lili mita imodzi ndi theka kuchokera pansi.

Apa ndi pamene paipi ya madzi inagwira ntchito yake. Mbali imodzi ya paipi tinaigwirizira pa diso la kamera, ina pa nsungwi iliyonse, ndipo pamene madzi aima tinamangapo kansanza kofiira. Nsanza zinayi zimenezo zonse zinali pa levulo imodzi ndi kamera. Pa puloti iyi nthaka inali yosalala ndithu, moti nsanza iliyonse inagwera pafupifupi pa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, koma ku Dedza malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo kumeneko tepi yokha ingakunamizeni. Madzi sanama.

Chifukwa cha nsanzazo ndi ichi. Mu chithunzi chilichonse muli mzere wosaoneka umene ine ndimautcha mzere wa maso. Chinthu chilichonse chimene chili pa msinkhu wa kamera chimagwera pa mzere umenewu, kaya chili pafupi kaya chili kutali. Mukaima pa gombe ku Salima, mzere umenewu ndi pamene nyanja ikumana ndi thambo. Pa msika wa mapiri ndi nyumba mbali zonse suoneka, ndiye timaupanga ndi nsanza. Nditayang'ana pa foni, nsanza zinayi zija, ziwiri zapafupi ndi ziwiri zakutali, zinandanda pa mzere umodzi wowongoka. Zikapanda kundanda choncho, ndiye kuti foni yapendekera kumbali kapena muyeso walakwika, ndipo ndi bwino kukonza muli pomwepo.

Zina ziwiri ndinasamala. Foni inaima chilili, yosaweramira kutsogolo kapena kumbuyo, chifukwa ikangoyang'ana m'mwamba pang'ono nsungwi zimaoneka zopendekera mkati ngati zikufuna kukumana. Ndiponso ndinajambula pa `1x`, osati pa `0.5x`, chifukwa diso lotambalala lija limafutukula zinthu za m'mphepete. Ndinajambula kawiri osasuntha thirayipodi: koyamba malo okha ndi nsungwi, kachiwiri mayiwo ataima mamita atatu kutsogolo kwa chipupa, chakumanja pang'ono kuti asatseke chitseko. Zithunzi ndinazikopera ku laputopu ndi chingwe. Chija cha mdzukulu chinali chitafinyidwa ndi WhatsApp moti sichikanasindikizika pa pepala lalikulu. Ngati kasitomala akutumizirani chithunzi, muuzeni achitumize ngati `Document` kuti chifike chathunthu.

Kujambulanso pepala la amisiri

Tisanachoke ndinakhala pansi pa mango uja ndi amisiri, chifukwa pepala lawo linali ndi vuto lina. Linali losonyeza maganizo, osati miyeso. Chitseko chinali chachikulu mopitirira poyerekeza ndi chipupa, ndipo khonde linangokhala mzere umodzi ndi mizati. Iwo miyeso ali nayo m'mutu, ndipo amawerenga m'malayini a mabuloko. Buloko limodzi ndi matope ake ndi masentimita 20, ndiye atanena kuti chipupa ndi malayini 13, ndinalemba mamita 2.6. Maziko adzatuluka pamwamba pa nthaka masentimita 30 chifukwa cha madzi a mvula. Denga la khonde lidzachoka pamwamba pa chipupa nkutsika kufika mamita awiri kuchokera pa simenti ya pakhonde.

Ndinawapatsa pepala loyera ndi rula, nkuwapempha kuti ajambulenso ndi dzanja lawo, masentimita awiri pa pepala kuimira mita imodzi, moti chipupa chinatenga masentimita 12. Ndinapempha mapepala awiri: lina la chipupa chokha ndi chitseko ndi mawindo, lina la mizati ndi mlomo wa denga la khonde. Anadabwa, koma chifukwa chake ndi phunziro lomwe lija la chitseko. Mizati ili pafupi ndi kamera kuposa chipupa, ndiye singakhale pa sikelo imodzi ndi chipupacho. Pepala limodzi lafulati silinganyamule zonse ziwiri molondola.

Ndikanatha kujambula mizere imeneyi pa kompyuta, ikanawongoka bwino. Ndinasankha dzanja la amisiri dala. Mayiwo ndi mwana wawo ayenera kuona kuti iyi ndi nyumba imene bambo uyu walonjeza, ndipo iye mwini sangadzakane mawa kuti wa makompyuta ndiye anawonjeza.

Pa kompyuta

Kuyeretsa pepala ndi kosavuta. Pa mapepala oyera aja `Colors > Levels` inakwanira: kukoka kachizindikiro ka zoyera mpaka imvi ya pepala itasowa, nkuderetsa pensulo pang'ono. Kwa amene mwalandira tsamba la m'kope ngati langa loyamba lija, pitani pa `Colors > Components > Decompose` nkutenga leya ya `blue`; maleya ndi magawo a chithunzi osanjikizana ngati mapepala. Mizere ya buluu imazimirira mmenemo pamene pensulo imatsala. Kenako chojambulacho chimaikidwa pamwamba pa chithunzi, leya yake nkuisintha kukhala `Multiply`, kuti zoyera zisaoneke, kutsale mizere yokha.

Pamene panafunika mutu ndi pa kukula. Chithunzi chinali cha mapikiselo 4000 m'lifupi. Ndi chida cha `Measure` ndinayeza nsungwi ya pa ngodya ya chipupa, kuchoka pansi kufika pa kansanza, ndinapeza mapikiselo 420. Mtunda umenewo ndi mita imodzi ndi theka, ndiye pa chipupa mita imodzi ndi mapikiselo 280. Kuchokera apa zonse zimangotuluka zokha: chipupa cha mamita 6 ndi mapikiselo 1680, chitseko cha mamita 2.1 ndi mapikiselo 588. Ndinayezanso pakati pa nsungwi ziwirizo kuti nditsimikize, ndipo zinagwirizana ndi 1680 uja kupatula mapikiselo ochepa. Ngati muyeso wa m'mwamba ndi wa m'mbali zasiyana kwambiri, ndiye kuti simunaime moyang'anana bwino ndi chipupa. Pa nsungwi za khonde mita imodzi inatuluka mapikiselo 337, ndipo pepala lachiwiri ndinalikoka pa sikelo imeneyo. Ndinagwiritsa ntchito `Unified Transform`, nkukhazika ngodya za chojambula pa nsungwi zenizenizo, osaiwala kukweza zonse ndi masentimita 30 a maziko.

Tsono taonani chimene chinandisokoneza poyamba paja. Mayiwo pa chithunzi anali mapikiselo 616, chitseko 588. Pa galasi, mayi wamfupi uja ndi wamtali kuposa chitseko chake, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chimene chimauza diso kuti chitseko nchachitali si kuchuluka kwa mapikiselo koma pamene mzere wa maso ukudula. Mzerewo unawadula mayiwo cha m'maso, mutu wokha uli pamwamba pake, pamene chitseko chinapitirira mzerewo kutali, ndipo mapazi awo anali m'munsi kwambiri kuposa tsinde la chipupa. Ndikamayang'ana ntchito ya mnzanga tsopano, ndimayamba ndi funso limeneli: mzere wa maso ukumudula pati munthuyu, ndipo ukuidula pati nyumba? Ngati ukudula munthu m'maso koma nyumba ukuidula m'munsi mwa windo, nyumbayo yafufumitsidwa.

Mizere yolumikiza mapepala awiriwo, monga m'mbali mwa denga la khonde ndi m'mphepete mwa simenti, ndinaijambula ndekha. Poti ndinaima pakati, yonse imaloza pa kadontho kamodzi pa mzere wa maso, pakati pa chitseko. Pomaliza ndinadula mayiwo kuchokera mu chithunzi chachiwiri ndi chida cha `Paths`, nkuwaika pa leya ya pamwamba pa zonse. Pa duku ndi m'mphepete mwa chilundu ndinakonza ndi burashi pa `Layer Mask`, osati kufufuta, kuti ndikadula mopitirira ndithe kubweza. Nsungwi ndi nsanza ndinazichotsa pomalizira penipeni.

Mthunzi suyenera kupekedwa. Golosale inayang'ana kumadzulo, ine ndikuyang'ana kum'mawa, ndipo mu Juni kuno kwathu dzuwa limadutsa chakumpoto. Choncho masana amenewo linali kumbuyo kwanga chakumanzere, ndipo mithunzi ya nsungwi inagwera kutsogolo chakumanja, yotalika pang'ono kuposa nsungwizo. Ndinangotsatira imeneyo pojambula mithunzi ya mizati ndi ya denga pa chipupa, pa leya yakuda yochepetsedwa mphamvu, nkuifewetsa ndi `Gaussian Blur`. Mthunzi wa mayiwo unali weniweni, koma mbali yake ina inagwera pamene tsopano pali masitepe a khonde, ndiye ndinaujambulanso kuti ukwere masitepewo. Amene mumakopera nyumba za pa intaneti samalani apa: zambiri zinajambulidwa kumaiko kumene dzuwa limadutsa chakumwera, ndipo mthunzi wa nyumba ukaloza kwina wa munthu kwina, ngakhale wosadziwa chifukwa chake amaona kuti pali chachilendo.

Chimene chithunzi cholondola chinaulula

Nditamaliza kuika khonde pa sikelo yake, dzina la golosale linasowa. Ndinayamba ndaganiza kuti ndasokoneza maleya, koma ayi. Dzina linali pamwamba pa chitseko, pakati pa mamita 2.1 ndi 2.6. Mlomo wa denga la khonde unali pa mamita awiri. Kwa munthu woima pa msewu, malata a khonde amaphimba chilichonse cha pa chipupa kuyambira pamwamba pa chitseko kukwera. Pa tsamba la m'kope lija dzina linkaoneka bwino chifukwa amisiri anangojambula mzere wa khonde pamwamba pa zilembo. Pa nyumba yeniyeni, dzinalo likanawerengedwa ndi munthu amene wakwera kale pakhonde.

Apa panali njira ziwiri. Ndikanatha kukweza denga pang'ono pa kompyuta kuti dzina lioneke, mayiwo nkusangalala, palibe akanadziwa mpaka malata atakhomedwa. Ndinasankha kutumiza chithunzi mmene chinalili kwa amisiri, ndi funso. Anayankha madzulo kuti, "Mwaona bwino, achimwene. Ndiye tikweze chipupa cha kutsogolo chipitirire denga, ngati mmene amachitira masitolo a pa msika, dzina tilembe pamenepo." Anawerengera okha: malayini atatu owonjezera, masentimita 60, ndipo poti buloko ndi masentimita 40 m'litali, layini imodzi ya mamita 6 imadya mabuloko 15, onse pamodzi 45. Anawonjezanso kuti mlomo wa khonde aukweza kufika mamita 2.2, chifukwa ataona mayiwo pafupi ndi mzati anazindikira kuti munthu wamtali wosenza thumba la ufa azichita kuwerama. Anajambula pepala lachitatu, ine nkuliika.

Ndimaona kuti phindu lalikulu la ntchito yonseyi linali pamenepa, kuposa kukongola kwa chithunzi. Koma ndisanamizire: chithunzi changa sichikanawauza ngati chipupa chokweracho chidzapirire mphepo, kapena mmene madzi adzatsikire pamene malata akumana nacho. Zimenezo ndi za amisiri, ndipo ndinawauza mayiwo momveka kuti pepala langa si pulani, silingalowe m'malo mwa pulani imene akhonsolo amafuna.

Mkangano wa mawu a m'munsi

Mayiwo ankafuna makoma opakidwa utoto ngati poyamba, wachikasu pamwamba, wobiriwira m'munsi. Ndinapaka, koma pa leya ya pansi pa mizere ya pensulo, mphamvu yake nkuitsitsa kufika pa 65 peresenti, moti nyumba imaoneka kuti ndi yojambula pamene mayiwo, mtengo ndi chigayo ndi zenizeni. M'munsi ndinalemba kuti: "Chithunzi chosonyeza golosale imene ikukonzedwa. Sinamangidwe. M'lifupi mamita 6."

Chimene chinandichititsa ndi zimene chithunzi choyamba chinabala. Chitalowa mu gulupu ya banja, achibale ena anakhulupirira kuti sitolo yatha kale. Wina anaimba kupempha ngongole ya fizi, wina anadandaula kuti sanaitanidwe potsegulira, ndipo kumudzi kunayamba manong'onong'o oti mayi wogulitsa nyemba wazitenga kuti ndalama zotere. Amene mukudziwa moyo wa kumudzi mukudziwa kumene nkhani zotere zimathera. Mayiwo anavutika nazo sabata yathunthu, ndiye za mawu a m'munsi sanatsutse.

Amene anatsutsa ndi mwana wa ku Joni. Anandiimbira, mwaulemu ndithu, nkunena kuti, "Akulu, chithunzichi chili bwino, ndakhutira nacho. Koma mundipangireko china chopanda mawuwo, chooneka ngati nyumba yeniyeni. Pali pena pamene ndikufuna kukatenga ngongole." Ndinamuuza kuti chimenecho sindipanga. Chithunzi chosonyeza nyumba yomangidwa pamene pali nsungwi zinayi, chikaperekedwa kwa wobwereketsa ndalama, ndi chinyengo, ndipo nkhope imene ili pamenepo ndi ya mayi ake, osati yake kapena yanga. Ndinati ngati akufuna, ndimuikira chithunzi cha malo opanda kanthu pambali pa chojambulacho pa pepala limodzi, wobwereketsayo aone zonse ziwiri. Anakhala chete pang'ono, nkuti adzandiuza. Sanabwererenso pa nkhaniyo, koma ndalama za maziko anatumiza kwa mayi ake mwezi womwewo.

Ndinasindikiza makope awiri pa pepala la `A3`. Mapikiselo 4000 pa pepala la masentimita 42 amatuluka bwino ndithu. Limodzi linapita kwa mayiwo, lina kwa amisiri. Fayilo ya `.xcf` ndi maleya ake onse ndinasunga, ndipo zinathandiza, chifukwa patapita milungu itatu anasintha maganizo pa utoto. Ndinawapemphanso chilolezo choti ndizionetsa makasitomala ena ntchitoyi. Analola chithunzi chopanda iwo, chokhala ndi nkhope yawo anakana, ndipo sichili pa khoma la shopu yanga.

Zimene zinamangidwa

Maziko anakumbidwa mu Ogasiti. Makoma anafika pa lintala mvula isanayambe, kenako ntchito inaima miyezi ingapo chifukwa mtengo wa simenti ndi malata unakwera ndipo ndalama zinatha. Denga linakhomedwa mvula itatha. Ndinapitako chaka chitatsala pang'ono kukwana, ndi thirayipodi yomwe ija, ndipo ndinaima pamene ndinaima poyamba; mwala umene ndinasiya ngati chizindikiro unali utachotsedwa, koma tinayezanso ndi tepi kuchokera pa chitseko.

Nditaika chithunzi chatsopano pamwamba pa chakale, ngodya za chipupa zinagwera pa malo ake, ndipo mpata wa ngolo pakati pa chipupa ndi mango unalipo. Chipupa chokwera chinamangidwa, dzina likuwerengeka kuchokera pa msewu. Zosiyana zinali zitatu. Windo la kumanja silinaikidwe, anatseka ndi mabuloko poopa akuba komanso posunga ndalama ya mabagalabazi. Mizati inakhala ya mapaipi achitsulo m'malo mwa njerwa. Ndipo utoto unali usanapakidwe, makoma ali ndi pulasitala yokha, kupatula pamene pali dzina.

Panali chinanso chimene ine, amisiri ndi chithunzi tonse sitinachione, chifukwa tinajambula mu Juni nthaka ili gwa. Kutsogolo kwa puloti kumadutsa madzi ochokera kumtunda kwa msika, ndipo mu Januwale anakumba kangalande pamalo penipeni pamene mayiwo anaima atavala chilundu chawo. Pano pali matabwa awiri owolokerapo, ndipo amisiri akuti adzaumba kasilabu ndalama zikapezeka. Pepala la `A3` lija mayiwo analiika mu pulasitiki nkulikhoma kuseri kwa kauntala, pamwamba pa shelefu ya sopo. Pamene pali windo limene silinaikidwe, mdzukulu wawo anadulapo mtanda ndi bolopeni.